Mmene Mainess Anapezera Ntchito Mwana wa Mnzake

Mainess Zulu ndinamudziwa asanamere imvi, ali kamtsikana kopyapyala kongotsika basi ya ku Katete, mtolo wa zovala kumutu, mphasa yokulunga m'khwapa. Anabwera kudzakwatiwa ndi Benard, amene ankagwira ntchito pa fakitale ina ya boma, ndipo anakhala m'nyumba yoyang'anana ndi yanga ku Kanyama, pafupi ndi ngalande ija imene imasefukira dzinja lililonse. Anali ndi manja a ntchito ndi mawu okoma. Akayambitsa nyimbo pamaliro, ngakhale amuna okhala panja ankadula nkhani zawo n'kutchera khutu. Chilema anali nacho chimodzi, ndipo sichinkaoneka poyenda: sankatha kuona chabwino cha Elina popanda kumva kutentha pachifuwa.

Elina anali mnansi wake wa kumbuyo, mdzukulu wa anthu a ku Nyasalande amene anabwera kale kudzafuna ntchito n'kukhaziratu. Anakwatiwa ndi Kapambwe, Mbemba wofatsa amene ankagwira ntchito limodzi ndi Benard. Pamene mafakitale anayamba kugulitsidwa, amuna awiriwo anachotsedwa ntchito mwezi umodzi. Kapambwe anagula firiji n'kumanga kantemba, kagolosale kakang'ono ka malata, kutsogolo kwa nyumba. Benard analowa m'gulu la anzake ogula minibasi yakale, imene inafera pa msewu wa ku tauni isanabweze kanthu. Patapita zaka Benard nayenso anatisiya ndi matenda a chifuwa, ndipo Mainess anadzakhala pa thebulo loyandikana ndi langa pamsika, akugulitsa tomato, repu, impwa ndi kapenta.

Musaganize kuti awiriwa anali adani. Ankabwerekana mchere ndi moto. Elina ndiye anagona pansi kuchipatala kudikirira Benard, ndipo Mainess ndiye anasambitsa Elina atachira mwana. Koma Elina akavala chitenje chatsopano, Mainess ankachigwira m'mphepete n'kunena kuti, "Chabwino, koma vamene ivi vimasuluka." Chaka china madzi analowa m'nyumba zonse za mzere wathu, kusiya ya Elina yokha, chifukwa Kapambwe anali atakweza khonde. Mainess anaima m'madzi ofika m'mawondo, akuyang'ana khonde loumalo, n'kundiuza kuti, "Mwaona, ba neba? Na manzi yali na tsankho."

Kwathu kuno timadziwa kuti mwana wako sungamuphunzitse malonda, chifukwa amakuyankha. Umamutumiza kwa mnzako, amene angamukalipire iye n'kukhala chete. Choncho atsikana awo atamaliza Giredi 12, amayiwa anasinthana. Ndaona wa Mainess anapita kukathandiza m'kantemba ka Elina, ndipo Kafula wa Elina anabwera pa thebulo la Mainess. Ndaona anali mwana wa nsangala, woseka ndi aliyense, woti agogo akalowa m'kantemba ankawapatsa mpando asanawafunse chimene akufuna. Kafula anali wina. Sankaseka chisawawa, ndipo akakuyang'ana unkayamba kudzifunsa ngati wasamba kumaso. Patapita nthawi, aliyense anabwerera kukathandiza amayi ake.

Zinali zaka zija mafoni a masimu awiri atadzaza mukomboni, pamene kampani ya Chimwala, yogulitsa nkhuku ndi masoseji ozizira, inamanga depoti m'mphepete mwa Kanyama. Mbiri inawanda kuti akufuna kulemba ana a konkuno. Anthu anachita zimene tinazolowera: anavala bwino, n'kukaima pa geti ndi maenvulopu a khaki. Mlonda anawabweza onse. Anawalozera chikwangwani cha pakhoma n'kunena kuti, "Kulibe vo siya makalata kuno. Vonse ni pa intaneti."

Mainess sanakhulupirire zimenezo. M'moyo wake wonse ntchito inkapezeka kudzera mwa munthu: mlamu wa kapitawo, mkulu wa mpingo, mnzake wa malemu. Koma atamva kuti Kafula akupita kwa Silas, bambo amene anali ndi kafe ya intaneti kuseri kwa msika, anandisiyira thebulo n'kumukoka Ndaona padzanja. Ine nkhani ya kumeneko anandifotokozera yekha atabwera, ndipo anaibwereza kambirimbiri.

Silas anawatsegulira tsamba la kampaniyo, pamalo pamene amaikapo ntchito zimene zilipo. Zinali m'ndandanda, iliyonse ndi dzina lake, malo ake ndi tsiku lotsekera: oyendetsa galimoto, onyamula katundu, ndi malo amodzi okha a kalaliki wa sitolo, wolandira ndi kutulutsa katundu m'chipinda chozizira. Pa malo amenewo ankafuna munthu wa Giredi 12, wokhala ku Kanyama kapena makomboni oyandikana nawo, amene anagwirapo malonda. Pansi panalembedwa kuti kufunsira ntchito n'kwaulere, ndipo aliyense wopempha kanthu m'dzina la kampani ndi wakuba.

"Malo yamodzi chabe?" anafunsa Mainess.

"Yamodzi, ba mayo," anatero Silas.

Mainess anacheukira pa kompyuta ya pambali. Kafula anali atayamba kale, zala zake zikugogoda ngati mvula pa malata, popanda womuthandiza.

Fomuyo inali yaitali. Inkafuna dzina monga lilili pa reji, chitupa chathu cha dziko, ndi nambala yake. Inkafuna foni ndi imelo, ndipo Silas anayamba wamutsegulira Ndaona imelo yakeyake, n'kumuchenjeza kuti asaiwale mawu achinsinsi olowera. Pofunsa kumene munthu amakhala, sunkalemba wekha, unkasankha pa mayina a makomboni amene ankatsika ukadina. Mabokosi okhala ndi kanyenyezi kofiira sankalola kudumphidwa. Siivii ndi satifiketi Silas anazijambula pa makina ake, koma fomu inazikana kuti zalemera, mpaka anazichepetsa n'kuziikanso.

Kenako anafika pa mboni. Ankafuna anthu awiri oti kampani ingawaimbire foni kufunsa za khalidwe la wofunsira ntchito: mmodzi mphunzitsi kapena mtsogoleri wa mpingo, wina amene unamugwirirapo ntchito. Onse asakhale achibale.

"Lembani ine," anatero Mainess.

"Imwe ndimwe amake. Sivololedwa."

"Nanga nindani angamudziwe mwana kupambana wamene anamubala?"

"Ndiye chifukwa chake sakufunani," anayankha Silas, osachotsa maso pa kompyuta.

Ndaona analemba abusa, kenako analemba Elina. Kafula anatembenuka pampando wake n'kufunsa mwaulemu, "Amake Ndaona, nilembeko nambala yanu? Nimwe ninasebenzela." Mainess akanakana bwanji pamaso pa anthu? Anaitchula nambalayo ngati akulavula njere za mandimu. Atsikana onse anachonga kabokosi kovomera kuti kampani iwaimbire anthuwo, n'kudina potumizira. Posakhalitsa aliyense analandira imelo yonena kuti fomu yafika, yokhala ndi nambala yake, ndi mawu akuti okhawo osankhidwa ndiwo adzaitanidwe.

Masabata otsatirawo Mainess anaonda. Foni ya Ndaona ikalira, ankasiya kasitomala ali chiimire. Madzulo ankadutsira dala pa kantemba kukasuzumira nkhope ya Elina, kuti aone ngati ikubisa nkhani yabwino. Tsiku lotsekera litadutsa, atsikana onse awiri anaitanidwa ku intavyu pamodzi ndi ena angapo. Pobwera ananena kuti ambiri athokozedwa n'kubwezedwa, koma iwo awiri auzidwa kuti mboni zawo ziyembekezere foni.

"Ndiye kuti ni wanga olo wake," Mainess anandinong'oneza, akuwaza madzi pa repu. "Ba neba, uja ali na firiji, ali na mwamuna, ali na khonde. Afuna na ichi futi?"

Foni inabwera m'mawa wina msika uli pakati. Mainess anali ndi chizolowezi choika foni pa sipika chifukwa khutu lina linkamuvuta, choncho tonse a mzere wa tomato tinamva. Anali mayi wa mawu odekha. Anati ndi Mayi Mukupa a ku ofesi yolemba antchito ku Chimwala, ndipo anafunsa ngati akulankhula ndi Mayi Zulu amene Kafula anawagwirirapo ntchito.

Ndinamuona Mainess akupukuta manja pa chitenje pang'onopang'ono. Bodza sankalidziwa, ndipo sakanayerekeza kunama ife tikumva. Anasankha kunena zoona zokhazokha, zimene zinkamunyansa mwa mwanayo kuyambira kale.

"Nimudziwa bwino, mayi, ndipo nikuuzani kuti musadzanidandaule. Uja mwana ni wouma mtima."

"Wouma mtima bwanji, Amayi Zulu?"

"Mbasela sapatsa." Mbasela ndi kaja timaonjezera pamwamba munthu akagula, ka tomato kamodzi kapena kadzanja ka kapenta. "Olo abwele mkazi wa abusa, mulu ni mulu. Olo abwele mbuya wake. Ine mwine wa thebulo nikatenga tomato ya ndiwo kunyumba, anifunsa ati yaenda kuti. Ine! Pa thebulo yanga!"

"Oho. Nanga pa nkhani ya nthawi, amafika bwanji pa nchito?"

"Ndiye vina vamene vinanilemesa. Nikafika nipeza wayala kudala, monga afuna anionetse kuti ndine waulesi. Elo amanisokonezela thebulo. Ine nifuna tomato ya lelo ikhale pasogolo, yowala, ikoke anthu. Yeve ati iyayi, iyambe kuchoka ya dzulo. Tinakangana mpaka vuu."

"Ndiye inali kuola yambili?"

"Siinali kuola," anavomera Mainess monyinyirika. "Koma thebulo siinali kuoneka bwino."

Kenako anatulutsa chimene ankachiyesa mkondo wakupha. Anatsitsa mawu, monga timachitira potchula zamanyazi. Anati tsiku lina kunagwa maliro mumzere mwathu, ndipo tonse tinaphimba mathebulo n'kupita kukakhuza. Kafula yekha anatsala akugulitsa, ati katundu wa eni sangasiyidwe padzuwa, ndipo kumaliroko anafika madzulo ataweruka.

"Munthu wa so, mayi, mungakhale naye?"

"Imwe mungamutenge futi?" anafunsa Mayi Mukupa.

"Ine? Awe. Nifuna mtendele."

Mayi Mukupa anathokoza kwambiri n'kudula foni. Mnzathu wina wogulitsa makala anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mainess, wamupha mwana wa mnzako." Ifenso tinkaona choncho. Munthu wosapatsa mbasela, wosatseka pa maliro, ndani angamufune? Mainess anangopitiriza kuyala tomato wake. Tsiku limenelo anagulitsa mosangalala, ndipo aliyense wogula anamuonjezera kawiri. Koma pofika madzulo nsangala ija inali itamuthera, ndipo popita kunyumba anazungulira njira ina kuti asadutse pa kantemba.

Sabata isanathe, madzulo ena dzuwa likadalipo, tinamva nthungululu ikubwera m'kanjira. Ndinatuluka. Anali Elina, atanyamula nkhuku yamoyo m'khwapa ndi chitenje chatsopano chopindidwa bwino, Kafula akumutsata pambuyo. Atafika pakhomo la Mainess, Elina anagwada m'fumbi momwemo, mayi wamkulu ngati uja, n'kuyamba kuomba m'manja.

"Amake Ndaona, mwanivalika! Mwana bamutenga. Ba Mukupa bamuuza ati mboni yako ija ya kumsika ndiye yatisegula maso. Ati sitinamvepo munthu wokamba mosabisa monga uja mzimayi."

Mainess anaima pakhomo, chipande chili m'manja, pakamwa pali yasa. Anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nkhuku.

Kafula ndiye anamasulira, ndi nkhope yake ija yosaseka. Anati m'chipinda chozizira lamulo loyamba ndi lakuti katundu amene analowa poyamba ndiye ayambe kutuluka. Lachiwiri, palibe chotuluka popanda kudziwika kumene chapita, ngakhale atachifuna ndi bwana. Ndipo chimene kampani inkaopa kwambiri polemba ana a mukomboni momwemo chinali chakuti achibale ndi anansi adzayamba kubwera ku geti kudzapempha kankhuku ka pambali.

Ndaona anatuluka m'nyumba ali ndi foni m'manja. Masana omwewo anali atapita kwa Silas, ndipo anapeza imelo yomuthokoza chifukwa chofunsira ntchito, yonena kuti ulendo uno sizinatheke, koma fomu yake aisunga. Anali asanawauze amayi ake. Anamupatsa moni Elina, anamugwira chanza Kafula, kenako anafunsa ndi mawu aang'ono, "Anti, nanga imwe banakutumilani foni?"

"Bananitumila, mwana wanga, ndipo ninakukambila monga mwana wanga wa m'mimba," anatero Elina, nkhope ikuwala.

Muyenera kudziwa kuti Elina anali mlangizi. Atsikana ambiri a mumpingo mwathu ndiye anawaperekeza ku ukwati, ndipo mawu operekera mwana kwa eni ake atsopano ankawadziwa ngati pemphero. Kwathu sutamanda mwana wako pamaso pa omulandira. Kutero n'kudzikweza, ndiponso n'kumuika mwana pa dzuwa kuti maso oipa amuone. Umamuchepetsa, kuti omulandirawo akamupeze wabwino okha. Elina anatibwerezera zimene anawauza Mayi Mukupa, liwu ndi liwu, monyadira.

"Ninati, mayi, uyu ni mwana chabe, palibe chamene adziwa. Tamuika m'manja mwanu, mukamuphunzitse ndimwe. Tulo tukamugwila mukamuutse. Akalakwa musamutaye, mutibwezele tizamulanga. Ba Mukupa ati, kansi amachedwa pa nchito? Ine nati, mwana aliyense amachedwa, ndiye kukula. Ati, nanga katundu amasunga bwanji? Nati, uyu dzanja yake ni yotambasuka, sakana munthu, wanjala sachoka chabe pamaso pake."

Zoona zake n'zakuti Ndaona sanachedwepo m'kantemba muja, ndipo akafuna kuthandiza munthu ankayamba wapempha. Elina ankadziwa zimenezo kuposa tonse. Anangomuchitira ulemu umene amachitira mwana amene amamukonda.

Ndaona anakhala pansi pa khonde n'kuphimba nkhope ndi manja. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo sitinadziwe ngati akulira kapena akuseka. Elina anayang'ana uku ndi uku, chimwemwe chikumuchoka pang'onopang'ono.

"Nalakwa?" anafunsa.

Mainess analandira nkhuku ija, pakuti mphatso yoperekedwa chogwada sibwezedwa. Analandiranso chitenje. Sanachigwire m'mphepete, sananene zoti chimasuluka.

Msika ulibe chitseko. Pasanapite masiku, Elina anamva zonse zimene zinanenedwa pa sipika paja, mpaka za maliro. Tinkayembekezera mkangano woti anthu akwere pa mathebulo. Sunachitike. Elina anabwera, anagula tomato kwa Mainess monga mwa masiku onse, ndipo ponyamuka anangoti, "Mnzanga, pakamwa pako pali mwayi. Ukanitukwanako na ine, kapena ningagule motoka." Azimayi anaseka mpaka kugwirana. Koma ine ndinamuona Elina akupukuta m'maso atafika pa ngodya, ndipo kuyambira pamenepo mchere ankatuma mwana kukabwereka kwina.

Mainess zinamupweteka kuposa mmene mkangano ukanamupwetekera. M'mawa uliwonse Kafula ankadutsa pamsika atavala jekete lochindikala la m'chipinda chozizira ndi majombo oyera, ndipo sankalephera kuima n'kupereka moni: "Mwauka bwanji, amake Ndaona?" Mwezi ukatha ankabweretsa paketi ya masoseji yogula ndi ndalama zake, n'kunena kuti ndi ya mboni yake. Mainess ankaphikira alendo masosejiwo, iye osalawa.

Miyezi itapita, tsamba lija linaonetsa malo ena, a wogulitsa mu shopu yatsopano ku Chawama. Ndaona anapitanso kwa Silas, amayi ake ali pambuyo. Anadzaza zonse yekha ulendo uno, mofulumira, mpaka anafika pa bokosi la mboni yachiwiri. Anaima. Kenako anacheuka n'kunena kuti, "Amayi, nipezeleniko munthu wamene amatichitila jelasi. Ndiye bamene bathandiza."

Silas anaseka mpaka kutsokomola. Ndaona analembanso Elina, atakhala naye pansi n'kumuphunzitsa kuti ku kampani mwana saperekedwa ngati mkwatibwi. Elina anayeseza mawu otamanda kwa sabata yathunthu, akuchita manyazi ngati akuvula pagulu, koma foni sinabwere. Malo amenewo anatenga mwana wa ku Chawama komweko. Ndaona anadzatsegula saluni yake ku komboni ya Linda, kumene ali mpaka lero, ndipo anthu amadzaza chifukwa cha kuseka kwake komwe kuja.

Koma chimene ndimakumbukira ine ndi madzulo a tsiku la kwa Silas lija. Nthabwala ya mwana wake ya nsanje ija Mainess sanaitenge ngati nthabwala. Tikulongedza katundu, anakhala pa kreti n'kuyamba kutchula mayina a anthu a mumzere mwathu, a kumpingo, a kumsika, mpaka a kwawo ku Katete. Aliyense akamutchula ankaganiza pang'ono, n'kupukusa mutu. Uyu amandimvera chisoni. Uyu amandikonda. Uyu sandiganizira n'komwe.

"Ba neba," anatero potsiriza, "zaka zonse izi mu Kanyama, kulibe olo mmodzi wamene amanichitila jelasi?"

Ndinafuna kumuuza za mawu ake oimbira, amene ambiri a ife tinkawasirira. Koma anali atayang'ana kale kutsidya, kumene magetsi a kantemba ka Elina anali atangoyaka.

"Elina ali nabo bambili," anatero. "Na apo anipambana."